Yankho Lachitsanzo pa Funso la Esipondilite Ankilozante

Mayeso a ophunzira zachipatala, chigawo cha Tete. Phunziro la matenda a mafupa ndi mfundo. Funso 3, malikisi 20.

Bambo wa zaka 27, mlimi wa mbatata yakachewere wochokera ku Ulongwe m'boma la Angoniya, wafika kuchipatala akudandaula kuti msana wakhala ukumuwawa kumunsi kwa zaka ziwiri. Akadzuka m'mawa msana umakhala wouma kwa ola lathunthu, koma akayamba kulima umamasuka. Ululu umamudzutsa m'bandakucha, ndipo nthawi zina umamveka m'thako lamanja, nthawi zina lamanzere. Chaka chatha diso lake limodzi linafiira ndi kuwawa kwa masabata angapo. Sakutsokomola ndipo sanaonde. Tchulani matenda amene mukuganizira, fotokozani zizindikiro zake, kugwirizana kwake ndi chibadwa, zimene zithunzi zingaonetse, ndi chithandizo chake.

Yankho

Bamboyu akuoneka kuti ali ndi esipondilite ankilozante. Awa ndi matenda okhalitsa a kutupa, amene amayambira m'mfundo za sakiroiliyaka, pamene fupa la kumunsi kwa msana limakumana ndi mafupa a chiuno, n'kumakwera ndi msana. Kutupako kumagwira makamaka malo amene mitsempha yolimba imamatirira ku fupa. Malowo akamapola, thupi limamerapo fupa latsopano, ndipo m'kupita kwa zaka mafupa oyandikana amatha kugwirana osapindikanso.

Zizindikiro

Matendawa amayamba munthu asanakwane zaka 45, kawirikawiri ali m'zaka za m'ma 20, ndipo mtundu woonekera pa ekisireyi umapezeka mwa amuna kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi akazi. Chinthu chachikulu ndi mtundu wa ululu wake. Kuno pafupifupi aliyense wogwira khasu kapena wosenza matumba amadandaula msana, koma msana wa ntchito umawawa pogwira ntchito n'kuleka munthu akagona. Wa bamboyu ukuchita zosiyana: unayamba pang'onopang'ono, wapitirira miyezi 3, umauma m'mawa kopitirira mphindi 30, umapepuka akamayenda, umakula akapuma, ndipo umamudzutsa usiku ukapita kokacha. Ululu wosinthanasinthana m'matako umaloza ku mfundo za sakiroiliyaka. Wodwala wotere akafunsidwa bwino amanenanso kuti ibupulofeni amamuthandiza kwambiri, ndiponso kuti amakhala wotopa nthawi zonse.

Kunja kwa msana, mfundo za m'chiuno ndi za m'mapewa zimatha kugwidwa, ndipo kugwidwa kwa chiuno ndi chizindikiro chakuti matenda adzavuta. Mawondo ndi akakolo amatupa mbali imodzi kuposa inzake. Chidendene chimawawa kumbuyo kapena kunsi, chala chimatha kutupa chonse, ndipo pachifuwa pamawawa pamene nthiti zimalumikizana ndi fupa lapakati.

Pomupima, ndingamuimike chilili n'kuika chizindikiro pakati pa msana molingana ndi timaenje tiwiri ta pamwamba pa matako, china masentimita 10 pamwamba pake, kenako awerame osapinda mawondo. Mwa munthu wabwinobwino mpatawo umawonjezeka ndi masentimita 5 kapena kuposa, ndipo ukaperewera ndiye kuti msana wauma. Imeneyi ndi njira ya Schober. Ndingayezenso kupindikira kumbali, kukula kwa chifuwa popuma (kukachepera masentimita 2.5 ndi vuto loonekeratu), ndi mpata wa pakati pa nkhongo ndi khoma ataima chotsamira khoma. Matenda akapita patali, kupindika kwachibadwa kwa msana wam'munsi kumatha, msana wapamwamba umakhota, khosi limatsogola, mpaka munthu kulephera kuyang'ana kutsogolo poyenda.

Diso lofiira limene lili m'funsoli ndi uveyite yakutsogolo, vuto la kunja kwa mafupa lofala kuposa onse, limene limagwira pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu kapena anayi alionse. Limabwera mwadzidzidzi, diso limodzi, ndi ululu, kuopa kuwala ndi kusaona bwino, ndipo limafuna dokotala wa maso mwamsanga. Ena amakhala ndi soriyaze, matenda a zigamba za mamba pakhungu, kapena matenda otupitsa matumbo. Mavuto osowa koma oopsa ndi kutayikira kwa valavu ya aorita, kusokonekera kwa kagundidwe ka mtima, zipsera kumtunda kwa mapapo, ndi amiloyidoze, kuunjikana kwa puloteni yachilendo m'ziwalo kumene kumawononga impso. Zipsera za m'mapapozo zimafanana kwambiri ndi chifuwa chachikulu pa chithunzi. Mafupa a msana amafookanso, choncho msana wogwirana umathyoka ngakhale pa kugwa kwapafupi, ndipo ululu watsopano wa khosi munthu atagwa panjinga uyenera kutengedwa ngati kuthyoka mpaka zithunzi zitakana.

Ndisanatsimikize, ndiyenera kuona kaye kuti si chifuwa chachikulu cha msana, chifukwa m'dera lathu ndicho chofala kuposa matendawa ndipo kuchiphonya kumapuwalitsa miyendo. Icho chimawawa malo amodzi, chimadza ndi kuonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, ndipo chimadya mafupa awiri oyandikana mpaka linunda kutuluka. Buruseloze, matenda ochokera ku ziweto, ndiyofunika kuikumbukira mwa oweta ng'ombe ndi mbuzi a ku Angoniya ndi Tsangano amene amamwa mkaka wosawiritsa, popeza nayo imatupitsa sakiroiliyaka. Kutupa kwa mfundo kotsatira kutsekula m'mimba kapena matenda opatsirana pogonana kulinso pamndandanda, ndipo wodwalayu ayezedwe kachilombo ka Edzi.

Kugwirizana ndi chibadwa

Matendawa ndi ogwirizana kwambiri ndi jini ya HLA-B27, imene ili pa kromozomu 6. Ntchito yake ndi kuonetsa tizidutswa ta mapuloteni kwa maselo oteteza thupi. Kugwirizanaku kunadziwika mu 1973. Mwa odwala a mtundu wa azungu, pafupifupi 90 pa 100 alionse ali ndi jiniyi, pamene mwa anthu wamba a mtundu womwewo ndi pafupifupi 8 pa 100. Komabe mwa onse amene ali nayo, amene amadwala sapitirira 5 pa 100. Ngoziyo imakula ngati munthu wa jiniyi ali ndi kholo kapena m'bale wake weniweni wodwala matendawa, n'chifukwa chake ndingafunse bamboyu ngati kwawo kuli wina wouma msana.

Pali maganizo atatu ofotokoza mmene jiniyi imayambitsira kutupa. Oyamba akuti imaonetsa kachidutswa kamene kamachititsa maselo oteteza kuukira thupi lomwe. Achiwiri akuti puloteni yake imapindika molakwika mkati mwa selo n'kudzutsa kutupa, ndipo achitatu akuti mapuloteniwo amagwirana awiriawiri pamwamba pa selo n'kuputa maselo oteteza. Majini ena monga ERAP1 ndi IL23R amathandizira, ndipo tizilombo ta m'matumbo tikuganiziridwanso. Zonsezi zimathera pa TNF ndi IL-17, mapuloteni oyambitsa kutupa amene mankhwala atsopano amatsekereza.

Mfundo yofunika kwa ife ndi yakuti HLA-B27 ndi yosowa kwambiri mwa anthu akuda a kum'mwera kwa Sahara, ndipo odwala ambiri a kuno amapezeka alibe. Choncho zotsatira zosonyeza kuti bamboyu alibe jiniyi sizingatanthauze kuti alibe matendawa, ndipo sindingamuchedwetse chithandizo podikira kuyeza kumeneku.

Zithunzi ndi magazi

Choyamba ndi ekisireyi ya chiuno yojambula chakutsogolo. Mfundo za sakiroiliyaka zimagwidwa mbali zonse ziwiri mofanana, kuyambira kumunsi ndi kumbali ya fupa la chiuno. M'mphepete mwake mumayamba kusaoneka bwino, kenako mumadyeka mpaka mfundo kuoneka ngati yakula, fupa lozungulira limayera chifukwa cholimba, mpata umachepa, ndipo pomaliza mfundo imatsekeka. Kusinthaku kumapatsidwa magiredi kuyambira 0 mpaka 4. Malamulo odziwira matendawa otchedwa a New York, okonzedwanso mu 1984, amafuna giredi 2 kapena kuposa mbali zonse, kapena giredi 3 mpaka 4 mbali imodzi, pamodzi ndi chimodzi mwa izi: ululu wa mtundu wa kutupa, kuuma kwa msana wam'munsi, kapena kuchepa kwa kukula kwa chifuwa.

Pa ekisireyi ya msana, ngodya za mafupa zimadyeka n'kumaoneka zowala, mafupawo amaoneka a mbali zinayi zowongoka, ndipo timafupa topyapyala totchedwa sindezimofito timamera choimirira kuchoka pa fupa lina kufika pa linzake. Izi zimasiyana ndi timinga ta ukalamba, timene timamera chopingasa. Timafupato tikalumikiza msana wonse, chithunzi chimatchedwa msana wa nsungwi.

Vuto la ekisireyi ndi lakuti imachedwa, ndipo pangapite zaka zambiri isanaonetse kanthu. Rezonansiya maginetika ndiyo imaona msanga: pa zithunzi zake za mtundu wa STIR, kutupa kwa m'kati mwa fupa pafupi ndi mfundo kumaoneka kowala. Malamulo a 2009 a bungwe la akatswiri a matendawa la ASAS anaivomereza kuti odwala adziwike fupa lisanawonongeke. Kumene makinawa kulibe, ekisireyi yabwinobwino isanditsekereze kukhulupirira mbiri yomveka ngati iyi. Tomogirafiya imaonetsa bwino kudyeka kwa fupa ndi kuthyoka. M'magazi, zoyeza kutupa zolembedwa VS ndi PCR pa pepala la labotale zimakwera mwa ambiri koma osati onse, ndipo fakitala ya rumatoyidi sipezeka.

Chithandizo

Mankhwala ochiziratu palibe. Cholinga ndi kuchepetsa ululu, kusunga msana wowongoka ndi wofewa, ndi kuti bamboyu apitirize kudyetsa banja lake. Maziko ake ndi masewera olimbitsa thupi tsiku ndi tsiku: kuwongola msana, kupindikira kumbali, kupuma mozama, ndi kugona chafufumimba kwa mphindi zingapo. Agone pamalo olimba ndi pilo wopyapyala. Ngati amasuta fodya asiye, chifukwa fodya amafulumizitsa kugwirana kwa mafupa. Ndingamutumize kwa a fiziyoterapiya kuti akamuphunzitse, ndi kumuuza momveka kuti kugona chigonere kudzamuumitsa, ndipo kutema mphini pamsana sikufika pamene pali kutupa.

Mankhwala oyamba ndi ochepetsa kutupa monga ibupulofeni, napulokiseni, dikilofenaki kapena indometasini, pa mlingo wokwanira, ndipo wa usiku umathandiza kuuma kwa m'mawa. Ndingayeze impso ndi kuthamanga kwa magazi, kufunsa za zilonda za m'mimba, ndi kuwonjezera omepurazolo ngati pali chiopsezo. Ndingasamale kwambiri ngati akumwa tenofoviri, kapena ngati akugwira ntchito padzuwa osamwa madzi okwanira, popeza zonsezi zimalemetsa impso.

Ngati mitundu iwiri ya mankhwalawa yayesedwa kwa masabata 4 onse pamodzi koma matenda akadali amphamvu, kutanthauza kuti pa miyeso ya mphamvu ya matendawa, BASDAI ndi 4 kapena kuposa, kapena ASDAS ndi 2.1 kapena kuposa, wodwala atumizidwe kwa katswiri kuti aganizire mankhwala otsekereza TNF monga adalimumabu, infulikisimabu kapena etanesepiti, kapena otsekereza IL-17 monga sekukinumabu. Kwa bamboyu, amene diso linamuvutapo, adalimumabu kapena infulikisimabu ndi abwino kuposa etanesepiti, ndipo sekukinumabu apewedwe ngati ali ndi matenda otupitsa matumbo. Asanayambe, ayezedwe chifuwa chachikulu chobisika, kutupa chiwindi kwa mtundu B ndi kachilombo ka Edzi, chifukwa otsekereza TNF amadzutsa chifuwa chachikulu chimene chinali chitagona. Kuno sitepe imeneyi siyodumpha. Mankhwalawa ndi odula ndipo sapezeka wamba, choncho odwala athu ambiri adzadalira masewera ndi mankhwala oyamba aja, ndipo m'pofunika kuwapereka mokwanira.

Sulufasalazini amathandiza mfundo za miyendo ndi manja zokha, osati msana. Puredinizoloni wakumwa kwa nthawi yaitali alibe malo, ngakhale jakisoni wa m'mfundo imodzi yotupa amathandiza. Uveyite imachizidwa ndi madontho a kotikoyidi ndi otsekula kamwanadiso, motsogozedwa ndi wa maso. Opaleshoni ndi yosintha mfundo ya chiuno yowonongeka, yomanga msana wothyoka, kapena yowongola msana wokhota kwambiri, ndipo wogonetsa tulo adziwitsidwe msanga za khosi louma. Bamboyu ndingamuonenso pakatha masabata 4, kenako miyezi 3 mpaka 6 iliyonse, ndikulemba muyeso wa Schober, wa chifuwa ndi wa nkhongo nthawi iliyonse, ndipo ndingamuuze kuti diso likafiiranso abwere tsiku lomwelo.