Kalata yopempha kuyamba ndaima sukulu kwa chaka chimodzi

Kawale 2,
Lilongwe.
12 Meyi 2025

Kwa a Mlembi Wamkulu,
LUANAR, Bunda,
Lilongwe.

Kudzera kwa a Mkulu wa Dipatimenti ya Zaulimi wa Mbewu

Bambo,

Ndine wophunzira wa chaka chachitatu, ndipo nambala yanga ili pa fomu yomwe ndaphatikiza. Ndikupempha kuti mundilole ndiime sukulu kwa chaka chimodzi, malo anga mundisungire.

Mayi anga anafa ziwalo mbali ya kumanja mu Epulo. Anatuluka ku chipatala cha Kamuzu Central, koma sangathe kudya, kusamba kapena kutembenuka pabedi paokha, ndipo kawiri pa sabata amafunika kukawongoledwa ziwalo. Ine ndiye woyamba kubadwa, mng'ono wanga ali Fomu 2. Kalata ya adokotala ndaiphatikizanso. Mayeso onse a semesita yoyamba ndinakhoza, ndipo sukuluyi ndikufuna ndidzaimalize.

A Mkulu wa Dipatimenti anandimvetsa bwino, ndipo ndikuthokoza. Komabe mawu apakamwa sindingadzawaonetse pa tsiku lolembetsa, makamaka ngati pampandopo padzakhale wina. N'chifukwa chake ndikupempha yankho lolembedwa, losainidwa ndi kudindidwa ndi ofesi yanu.

Chachikulu, kalatayo inene kuti malo anga m'pulogalamu yomweyi ndi osungidwa, ndipo sindidzafunsiranso malo ngati wophunzira watsopano. Itchule kuti ndidzayambira semesita yachiwiri ya chaka chachitatu, osati deti lokha, poti kalendala ya sukulu imatha kusuntha. Inenenso kuti malikisi a maphunziro amene ndinakhoza kale akhala momwe alili, ndi kuti m'kaundula mwalembedwa kuti ndinaima ndi chilolezo, osati ndinalephera kapena ndinathawa. Maphunziro ena akadzasinthidwa ine kulibe, ndidziwiretu ngati ndidzatsate akale kapena atsopanowo.

Za ndalama ndiye zikundisowetsa tulo. Ndinalipira kale theka la fizi ya semesita ino. Kodi ndalamayi idzawerengedwa ndikadzabwerera, kapena ibwezedwa? Nanga fizi ikadzakwera, ndidzalipira iti? Popeza ndimaphunzira pa ngongole ya boma, ndikupemphanso kalata yopita ku bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, HESLGB, yolidziwitsa kuti ndaima mwachilolezo, kuti ndikakambirane nalo za chaka chimene ndidzabwerere.

Mundilemberenso tsiku lomaliza lomwe ndiyenera kudziwitsa ofesi yanu kuti ndikubwera, ndi zoyenera kuchita ngati matenda a mayi angapitirire chaka. Za chipinda ku hositelo sindikakamira, ndingofuna kudziwa ngati ndidzafunsirenso.

Podikira yankho lanu ndipitiriza kulowa m'kalasi, mayi anga aang'ono akundigwirira kunyumba mpaka pa 30 Meyi. Ndingathokoze kwambiri kalatayo itandipeza tsikuli lisanafike.

Ine wophunzira wanu,
Tadala Phiri