Mawu a pa asembule ya Lolemba: nkhani ya misinkhu

Mwadzuka bwanji ana inu? Akumbuyoko tasiyani phokoso, ahedi andipatsa mphindi zochepa chabe ndiye tisataye nthawi tonse kukuzizira kuno.

Sabata yathayi mnzanu wina wa Sitandade 7 sanabwere kusukulu masiku atatu, tinkaganiza kuti mwina ndi malungo kapena amupititsa kukakumba kachewere kudimba, koma titapita kwawo mayi ake akuti mwana akukana yekha chifukwa akangolowa mkalasi anzake amayamba kumuitana kuti kafula, ena mpaka kumunyamula m'mwamba uku akuseka. Dzina lake sinditchula, amene mumapanga zimenezi mukudzidziwa nokha. Ndipo si iye yekha ayi, pali mtsikana wina wamtali amene wayamba kuyenda chowerama, pamzere amapinda mawondo kuti asaoneke chifukwa mumamunena kuti nsungwi. Zimenezi zandipweteka kwambiri ana anga.

Ndikufunseni, alipo pano amene anasankha yekha msinkhu wake? Akweze mkono. Palibe. Gawo lalikulu la msinkhu timatengera ku mtundu, kwa bambo, kwa mayi, nthawi zina mpaka kwa agogo. Komanso thupi lililonse lili ndi nthawi yake, atsikana ambiri amathamanga kukula kuyambira zaka 10 kapena 11, pomwe anyamata amachedwerapo, ambiri amayamba cha pa 12 kapena 13 ndipo ena amatalikabe mpaka zaka 18, nchifukwa chake mu Sitandade 6 ndi 7 atsikana ambiri amaposa anyamata, ndiye iwe ukuseka mnzako lero osadziwa kuti thupi lake silinayambe n'komwe ulendo wake.

Koma pali china chimene ndikufuna muchimvetse bwino. Ana ena amapinimbira chifukwa ali akhanda chakudya chinali chosakwanira kapena ankadwaladwala, makamaka kuyambira ali m'mimba mpaka zaka 2. M'Malawi muno mwa ana atatu alionse osakwana zaka 5, mmodzi amakhala wopinimbira, ndipo tonse tikudziwa mmene Januwale ndi Febuluwale amakhalira m'makomo mwathu nkhokwe ikatha. Ndiye ukamaseka mnzako kuti ndi wamfupi mwina ukuseka njala imene inagwa pakhomo pawo iye asanadziwe ngakhale kuyankhula. Zoona zimenezo n'zoseketsa? Aliponso anthu ena amene amabadwa mafupa a miyendo ndi mikono sakula kwambiri, ambiri mwa iwo makolo awo ndi a msinkhu ngati wa ine ndemwe, si ufiti, si tsoka, si kukhwima kwa munthu, ndipo nzeru zawo n'chimodzimodzi ndi za wina aliyense. Mukakumana ndi bambo kapena mayi wotero pamsika paja musamawalondole m'mbuyo, ndi akuluakulu amenewo, apatseni moni wa ulemu ngati mmene mumachitira ndi makolo anu.

Nanga Akafula amene mwawasandutsa chitonzowo mumawadziwa? Ndi anthu amene ankakhala kuno makolo athu Achewa ndi Angoni asanafike, ndipo zithunzi zofiira zija zili m'mapanga a ku Chongoni konkuno ku Dedza anajambula ndi iwowo. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malo amenewa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, alendo amachoka kutali kudzaona ntchito ya manja awo, ife eni dera n'kumatenga dzina lawo kukhala chotukwanira mnzathu.

Anyamata okonda mpira, Messi mumamudziwa, ali mwana ankachita kulandira mankhwala chifukwa thupi lake silimakula bwino. Atsikana a netibo, Mwai Kumwenda kutalika kuja ndi kumene kumamuthandiza pansi pa golo. Koma ndisakunamizeni kuti munthu azilemekezedwa pokhapokha akatchuka ayi, mnzanuyo ngakhale asamenye mpira, ngakhale asakhale nambala wani mkalasi, thupi lakelo ndi lake ndipo palibe amene ali ndi chilolezo choligwira, kulinyamula kapena kuliyeza ndi chikhatho pamutu. Zoti "timangocheza" ine sindikuzimva, kucheza kumakhala koti nonse awiri mukuseka.

Iwe amene akhala akukunena, kaya ndiwe wamfupi kaya wamtali, wonenepa kapena woonda, usasiye sukulu mwana wanga, usadzibise. Bwera udzandiuze ine kapena aphunzitsi ako a kalasi, tikhoza kuyankhulana patokha popanda wina kumva.

Kuyambira lero mkalasi aafupi azikhala kutsogolo kuti aziona bwino pa bolodi, ataliatali chakumbuyo kapena m'mbali, ndipo wina asatenge zimenezi ngati chilango, tikungofuna aliyense aziona. Maina onyozawa athere pano. Amene timumvenso tiitanitsa makolo ake adzakhale pansi ndi ahedi ndi a komiti. Mamonitala a Sitandade 5 mpaka 8 mundipeze ku ofesi nthawi ya buleki phala likatha. Mnzanu uja abwera mawa, mayi ake alonjeza kuti amuperekeza okha, ndipo malo ake pa desiki akhale alipo.

Tiyeni tiimbe nyimbo ya fuko tizikalowa.