Tsache la Mbandakucha

Amama anali ndi mwambo wawo. Mwana akachoka pakhomo kupita ulendo wautali, iwo sankasesa mapazi ake mpaka atamva kuti wafika. Ankasesa bwalo lonse, kuzungulira nkhokwe, pansi pa mtengo wa mango, koma pamene panaponda mwanayo ankapalambalala, tsache likudutsa m'mbali mwake pang'onopang'ono.

Ine ndinachoka kumudzi kwathu, kufupi ndi Katete, mu Januwale 2021 titakangana. Ndinkafuna kuti akakhale nane ku Lusaka, iwo n'kukana ati munda wa nsawa ausiyira ndani. Ndinanyamula chikwama osatsazika bwino. Basi itaima pa Luangwa, pomwe amagulitsa nsomba zouma, ndinaona kuti andiimbira kawiri. Ndinati ndiwayankha ndikafika. Nditafika ndinati mawa. Kenako manyazi anakula kuposa mkwiyo uja, ndalama ndinkatumiza kudzera kwa amalume.

Amama anamwalira mu Juni, nthawi imene korona inavuta ija. Inenso ndinali chigonere. Adzukulu anakumba m'mawa, dzuwa lisanapendeke anali ataika.

Ndinabwerera mu Ogasiti 2022 kudzakonza za chiliza. Amalume a Phiri anandipatsa kiyi, nandifunsa ngati sikungakhale bwino kukagona kwa iwo. Ndinakana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangoti, "Chabwino mphwanga, koma usamatsegule usiku."

M'nyumba munali fungo la fumbi ndi sopo wakale. Chitenje chawo cha Chigwirizano chinali pa chingwe pomwe anachisiya. Tsache ndinalipeza kuseri kwa chitseko, chogwirira chake chomangidwa ndi mphira wa njinga, chosalala chifukwa cha dzanja lawo. Sindinalikhudze.

Tambala woyamba asanalire ndinadzidzimuka. Shwaa. Shwaa. Kenako kaphokoso kaja ka munthu akugogoda tsache pachikhatho kuti lilingane. Ndinati ndi alamu anga abwera kudzandithandiza, ndinafunda bulangete n'kugonanso.

Kutacha, bwalo linali mbee. Mwezi wa mphepo uwu masamba sachedwa kudzaza pakhomo, koma onse anali ataunjikidwa kudzala. Mizere ya tsache inali yokhotakhota ngati mamba a nsomba, yoyambira kumanzere, chifukwa amama anali amanzere. Wosesayo sanasiye phazi ngakhale limodzi. Mapazi okhawo anali anga a dzulo, ochokera kumsewu kufika pakhonde, nsapato iliyonse ikuoneka bwinobwino pa kachilumba kake ka fumbi.

Alamu anati iwo sanatuluke m'nyumba. Amalume sanayankhe, anangotsikira kudimba.

Usiku wachiwiri ndinakhala maso. Kumsewu kunkadutsa malole a anthu opita ku Kulamba ku Mkaika, nyimbo zawo zikumveka patali, mpaka zonse zinati zii. Ndiye kunayamba. Kunayambira kunkhokwe, monga kale, kubwera pansi pa mango. Pofika pamene panali mapazi anga, tsache linachepetsa liwiro. Ndinkalimva likuzungulira phazi limodzi, kenako lina, kenako lina, likuyandikira. Ndinawalitsa foni kuseri kwa chitseko. Tsache lija linali pomwepo, koma kunsonga kwake kunali dothi lofiira, latsopano.

Pakhonde kusesa kunaleka. Panalibe kugogoda, panalibe mawu. Kunali kupuma chabe, kwa munthu wachikulire amene waweramuka atagwira m'chiuno, akudikira.

M'mawa ndinapita kwa ambuya aNaphiri, amene anasambitsa thupi. Anandipatsa mpando, iwo akusenda nsawa m'lichero, ndipo sanadabwe ndi chilichonse chomwe ndinanena.

"Kuyambira Januwale uja sanasesepo kanjira kako," anatero. "Mvula inafufuta mapaziwo tsiku lomwelo, koma iye ankalambalalabe. Tinkamuuza kuti mwana ali bwino, ndalama zikubwera. Iye ati ndimve pakamwa pake." Anapeta nsawa zija kawiri. "Ndi mawu amodzi okha, mdzukulu wanga. Umuuze kuti wafika, akapume."

Chiliza tinavundukula Loweruka. Abusa anapemphera, amayi a Chigwirizano anaimba, anthu anadya n'kubalalika. Ndinaima pamanda mpaka amalume anandigwira paphewa. Pakamwa panga panali pouma.

Tchuthi changa chinatha masabata atatu apitawo. A kuntchito aimba mpaka atopa. Madzulo alionse, dzuwa likamalowa, ndimavula nsapato n'kuyenda kuchokera kumsewu kufika pakhonde, ndikuponda mwamphamvu kuti mapazi aoneke. Kenako ndimatseka chitseko, n'kukhala pansi nditachitsamira.

Mbandakucha amafika. Amazungulira phazi lililonse, amaima kuseri kwa thabwali, pafupi kwambiri moti ndimamva fungo la utsi wa m'chitenje chawo. Mawu aja amakwera mpaka pakhosi. Ndimaluma nsonga ya chitenje changa, ndipo tonse awiri timadikira tambala.