Malipiro a Bambo Chimwala

Bambo Chimwala ndi mphunzitsi wa Sitandade 6 pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Dedza, ndipo aliyense amene amalandira malipiro pamwezi angawazindikire msanga. Uthenga wa ku banki ukangolowa m'foni kumapeto kwa mwezi, ankalipira lendi, kugula nyama ya mbuzi pamsika, kutumizira mayi awo kumudzi kangachepe pa Mpamba, ndi kubweza ngongole ya sopo ndi shuga pa okala ya pafupi ndi sukulu. Pofika pa 10 m'thumba munkakhala mutauma, ndipo dzina lawo linkayambanso kulembedwa m'kope la ngongole la pa okala pomwe paja.

Sanali munthu wosakaza chuma, ndipo ndikunena izi chifukwa ambiri timafulumira kuganiza kuti wolephera kusunga ndalama ndi chidakwa kapena wokonda manyado. Bambo Chimwala ankafunitsitsa kusunga, koma lamulo lawo linali lakuti adzasunga zimene zatsala akathana ndi zofunika zonse. Pa zaka zonse za uphunzitsi wawo, panalibe mwezi umene kanthu kanatsala, pakuti mwezi wopanda maliro unkakhala ndi chinkhoswe, ndipo wopanda chinkhoswe unkakhala ndi mwana wodwala.

Mu Novembala 2023, pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, mitengo ya katundu inakwera mvula yodzalira ili pafupi, iwo asanagule feteleza wa m'munda mwawo. Anapita kwa munthu wa katapila, amene anawapatsa K200,000 kuti adzabweze K300,000, ndipo anasiya khadi lawo la ku banki ngati chikole. Malipiro a kumapeto kwa mwezi umenewo anathera m'manja mwa mwini katapilayo, pomwe fizi ya mwana wawo Chisomo, amene anali Fomu 2, inkafunika mu Januwale.

Usiku wina mu Disembala, akazi awo, Mayi Nachisale, amene amagulitsa mandasi pa geti la sukulu, anamasula nsonga ya chitenje ndi kuika patebulo K196,000. Tsiku limenelo gulu lawo la banki m'khonde linali litagawana ndalama za chaka chonse. Lachinayi lililonse mayiwo ankagula masheya a K3,000, ndipo pamwamba pa zimene anasonkha panabwera gawo lawo la chiwongoladzanja cha ngongole zimene mamembala ankabwerekana.

"Mayi a Chisomo, mandasi okhawa angabale ndalama zonsezi?" anafunsa Bambo Chimwala, ali kakasi.

"Bambo a Chisomo, mandasi sapindula kuposa ntchito yanu," anayankha mayiwo modekha. "Kungoti ine ndalama ya sheya ndimaichotsa poyamba, ndisanagule ndiwo ngakhale mchere, chifukwa ndikapita kugulu chimanjamanja pali chindapusa, ndiponso anzanga amandiona. Inu mumadikira zotsala."

Fizi ya Chisomo inalipiridwa ndi ndalama zimenezo. Bambo Chimwala atamaliza kubweza katapila ndi kulandiranso khadi lawo, analowa SACCO, bungwe limene mamembala ake amasungako ndi kubwerekako ndalama, ndipo anasaina kuti K25,000 izidulidwa mwezi uliwonse ndalama zisanafike m'manja mwawo. Miyezi yoyamba inali yowawa ndithu: nyama ya tsiku lolandira inasanduka usipa, ndipo panali abale ena amene anakhumudwa atamva koyamba mawu akuti "pakadali pano ndilibe." Koma banja silinagone ndi njala, ndipo anaona okha kuti nyumba imene inkatha malipiro onse ingathenso kuyenda ndi malipiro ochotsedwako pang'ono.

Chinanso chimene anaphunzira pa kugwa kwa kwacha kuja n'chakuti ndalama yongokhala imachepa mphamvu mitengo ikamakwera, choncho banjali linagwirizana zopatsa ndalama iliyonse ntchito yake ndi nthawi yake. Mu Meyi, chimanga chikatsika mtengo chifukwa cha kukolola, amagula matumba oonjezera pa zokolola zawo n'kuthira mankhwala oteteza ku anankafumbwe, m'malo modzagula mu Febuluwale pamene chimakhala chodula. Feteleza amagula mu Ogasiti kapena Seputembala, anthu asanayambe kulimbirana, ndipo akafuna ngongole amaitenga ku SACCO, kumene chiwongoladzanja chake n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi cha katapila.

Malipiro a Bambo Chimwala akadali ochepa poyerekeza ndi mitengo ya pamsika, ndipo masiku a pakati pa mwezi amawapanikizabe monga amapanikizira aphunzitsi anzawo. Chaka chino, mwana wawo wamng'ono atadwala malungo usiku, ndalama ya galimoto yopita kuchipatala ndi ya mankhwala inachokera m'thumba la zadzidzidzi limene iwo ndi Mayi Nachisale anatsegula pa foni.