Kabaza wa a Chule

Mvula ya ku Mzuzu, waa waa waa!
Pa malata, tho tho tho!
A Chule adzuka, maso tong'o,
jekete pathupi, njinga pamsewu:
"Katoto! Katoto! Akwera ndani?"

Ngili ngili ngili, gwede gwede gwe!
Palasa, Chule, palasa iwe!

Ku Zolozolo, awo a Bakha,
mchira uku, mchira uko.
"Kwaa kwaa, achimwene, imani pompo,
ndikagule usipa wa ku Nkhata Bay!"
Pakaliyala akhala phwatha!

Ngili ngili ngili, gwede gwede gwe!
Palasa, Chule, palasa iwe!

Ku Chiputula, awo a Mbuzi,
ndevu lendelende, nthochi pamutu.
"Mee mee, a Bakha, sunthani pang'ono!"
"Ndisunthire kuti?" "Sunthani basi!"
Njinga yalira, kwii kwii kwii!

Ku Chibavi, mayi Nkhuku awo,
anapiye pambuyo, tsiyo tsiyo tsiyo!
Wina pabelu, wina pachishalo,
wina m'thumba la jekete ya a Chule,
wina pamutu pa a Mbuzi, ndii!
Kamodzi kakang'ono, kopanda manyazi,
kajompha nthochi, jompho jompho jo!

Ngili ngili ngili, gwede gwede gwe!
Palasa, Chule, palasa iwe!

Agogo Nanzikambe akweza dzanja:
"Di... ki... ra... ni..."
Aa, njinga yapita kalekale!

Pachitunda, wefu wefu wefu!
Miyendo ya a Chule, njenje njenje nje!
Kankha, Bakha! Kankha, Mbuzi!
Haya! Haya! Tafika pamwamba!

Potsetsereka, pyoo!
Mphepo m'makutu, fyuu!
"Gwirani buleki!" akuwa a Nkhuku.
"Buleki n'chiyani?" afunsa a Chule.
Mayo ine! Chithaphwi icho!

Khuvuu!

Matope phaa! Nthochi balala!
Tayala phwii! Belu ngwee!
A Mbuzi chagada, miyendo m'mwamba,
a Nkhuku anyowa, etsi! etsi!
Anapiye onse asanduka akuda,
mayi awo afunsa: "Ana a yani awa?"
Koma a Bakha, chubwi chubwi chubwi:
"Tibwereze! Tibwereze! Kukoma kwake!"

Ndani uyo akudutsa apo?
Phazi limodzi... kenako lina...
Agogo Nanzikambe, diso kuno, diso uko:
"Mwa... swe... ra... bwa... nji?"

A Chule atuluka, matope mbuu,
atambasula dzanja: "Lipirani, makasitomala!"
A Bakha apisa m'thumba, ng'oo!
A Nkhuku apisa m'thumba, ng'oo!
"Ndalama zathu tinapatsa a Mbuzi!"
Onse maso pa a Mbuzi, tong'o.
A Mbuzi duu, kukamwa kokha
nyemu nyemu nyemu, meze!
"Ndimayesa masamba a chinangwa. Mee!"