Kupopera mankhwala osadzipweteka: nkhani ya pa wailesi kwa alimi

(Nyimbo itsike)

Mwaswera bwanji alimi anzanga a ku Mitundu, Nathenje, Nsundwe, Malingunde ndi Lilongwe yense. Tomato wa kudimba wayamba maluwa, mbozi nazo zalowa m'chimanga, ndiye masipuleya atuluka m'nyumba. Lero tikambe za thupi la munthu wopoperayo.

Ambiri amaganiza kuti mankhwala amapha ukamwa basi. Ayi. Kwa mlimi, njira yaikulu imene amalowera ndi pakhungu, makamaka likachita thukuta, ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndi posakaniza, pamene mankhwala monga saipa kapena daimethoweti asanasungunulidwe ndi madzi. Choncho zovala muvale musanatsegule botolo, osati mutafika kale pamzere.

Muvale ovololo, kapena malaya a mikono yaitali ndi buluku lalitali zimene mwazipatula kuti zikhale za ntchito imeneyi yokha. Magolovesi akhale a labala ofika pafupi ndi chigongono. Ansalu ndi achikopa amamwa mankhwala n'kuwasunga pakhungu tsiku lonse. Majombo akhale a labala, ndipo buluku likhale pamwamba pa jombo. Mukalilowetsa m'kati, madontho amatsetserekera kuphazi. Onjezani chipewa, magalasi otchinga maso, ndi chophimba pakamwa ndi mphuno chimene lebulo latchula. Mpango kapena chitenje chikanyowa ndi mankhwala, mumangowapumira pafupi. Kumsana ikani pulasitiki yoyera bwino, chifukwa masipuleya ambiri amadontha pachivindikiro.

Gulani mankhwala a m'botolo lake lomata, okhala ndi lebulo, kwa wogulitsa amene ali ndi chiphaso cha boma. Otapiridwa m'timabotolo pamsika asiyeni, simungadziwe chimene chili m'katimo. Ngati zolembazo zakuvutani, funsani alangizi. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Yesani sipuleya ndi madzi okha kaye. Ngati siikudontha, thirani madzi kufika theka kudzera pasefa, yezani mankhwala ndi kapu yoyezera kapena sirinji yopanda singano, thirani, kenako dzazani mpaka pamzere wa malita 16 ngati yanu ndi ya kukula kotero. Mlingo ndi wa pa lebulo. Kuwonjezera kuti "agwire msanga" kumawotcha mbewu ndi kutha ndalama. Osatakasa ndi dzanja. Nozo ikatseka, musaiuzire ndi pakamwa. Itsukeni ndi madzi n'kuichotsa zinyalala ndi kaudzu kofewa, pakuti waya amakulitsa bowo.

Poperani m'mawa kapena madzulo, kopanda mphepo yamphamvu, ndipo kamphepo kazichotsa mankhwala kwa inu. Fodya, chakudya ndi madzi akumwa zidikire mpaka mutasamba ndi sopo. Ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asagwire ntchitoyi, ngakhale kuchapa zovala zake. Zovalazo zichapidwe pazokha. Ndipo inu a tomato ndi mpiru, lebulo limanena masiku oyenera kudikira musanakolole. Kupopera lero n'kukagulitsa mawa ku Wakawaka ndi kudyetsa anthu poizoni.

(Kanyimbo kakafupi)

Tsopano botolo lija latha. Silinathe ayi, muli zotsalira zokwanira kudwalitsa mwana. Litsukeni katatu nthawi yomweyo posakaniza, zisanaume. Likhuthuleni m'sipuleya kwa masekondi 30. Thiranimo madzi gawo limodzi mwa magawo 4, tsekani, khutchumulani masekondi 30, ndipo madziwo muthire m'sipuleya kuti akapoperedwe m'munda. Bwerezani mpaka katatu. Mukatero boolani pansi pake kuti wina asalitole n'kuikamo mchere, mafuta ophikira kapena thobwa. Maboowo ndiwo amateteza, chifukwa chigubu chabwinobwino sichikhalitsa padzala.

Musawotche mabotolowa, utsi wake ndi poizoni. Musawataye m'chitsime chakale, m'dambo kapena mumtsinje. Anzathu a ku Malingunde, kumbukirani kuti madzi a m'damu la Kamuzu ndi amene akumwa anthu a mumzinda. Mabotolo obooledwawo muwaike m'thumba, muwatsekere kutali ndi ufa ndi ana, ndipo mufunse alangizi kapena kumene munagula za kokawasiya.

Wina akayamba mutu, chizungulire, kusanza, thukuta lambiri, malovu kuchucha kapena kuona mwachimbuuzi, mchotseni m'mundamo, mvuleni zovalazo, msambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri. Mankhwala akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Ngati wamwa, musamusanzitse ndipo musampatse mkaka. Mkaka suchotsa poizoni, umangokuchedwetsani. Thamangani naye kuchipatala chapafupi mutanyamula botolo kapena lebulo lake, chifukwa dokotala amasankha chithandizo poona dzina la mankhwalawo.

Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakamba za mankhwala osungira chimanga. Tsalani bwino.

(Nyimbo ikwere)