Ntchito yokonza aneni olakwika m'ndime

Ntchitoyi ndi ya gulu lachiwiri la ophunzira Chichewa, lokumana Lachinayi madzulo. Nthawi: mphindi 30.

Ndime ziwiri zili m'munsizi adalemba ndi wophunzira wa gulu la chaka chatha, ndipo adandilola kuti ndikupatseni popanda dzina lake. Kalembedwe ka mawu ndi zizindikiro za m'kalembedwe ndakonza kale. Zolakwika zotsala zili pa aneni okha.

Werengani ndime yonse kaye musanagwire cholembera. Kenaka lembani mzere kunsi kwa mneni aliyense wolakwika, ndipo pamwamba pake lembani mneni woyenera. Mukapeza cholakwika mulandira malikisi 1, mukachikonza bwino mulandira 1 ina. Mukasintha mneni amene anali wolondola, ndichotsa malikisi 1. Lamulo lomalizali ndaliika dala, chifukwa ambiri mukayamba kukayika mumangokonza chilichonse chomwe mwakumana nacho.

Kumbukirani kuti aneni ambiri m'ndimezi ndi mawu abwinobwino mukawaona paokha. Akulakwika chifukwa cha mawu ena omwe ali nawo m'chiganizo. Choncho pa mneni aliyense funsani kuti akugwirizana ndi dzina liti, ndipo ndi mawu ati akusonyeza nthawi.

Chitsanzo: Chitseko linatseguka chokha. Mawu oti linatseguka akanakhala bwino tikanati zenera. Koma dzina ndi chitseko, la m'gulu la Chi-Zi, ndiye yankho ndi chinatseguka.

Ndime yoyamba (muli zolakwika 8)

Dzulo ndidzadzuka mochedwa chifukwa wotchi yanga sanalire. Nditafika kusukulu, ndinapeza kuti anzanga alowa kale m'kalasi. Aphunzitsi anatiuza kuti titsegula mabuku athu. Ndinafufuza m'chikwama monse, koma buku langa sichinaoneke. Mnzanga anandiwerengira nkhani yonse monong'ona. Pa nthawi yopuma mwana wina anabwera ndi buku lija. Adati adamutola pakhomo la kalasi. Chikuto chake chinali chitang'ambika, ndipo masamba awiri zinanyowa. Ndinamuthokoza kwambiri mwanayo. Mawa ndinalemba dzina langa pachikuto kuti bukuli lisadzasowenso.

Ndime yachiwiri

Apa sindikuuzani chiwerengero cha zolakwika. Mukamadzakonza zolemba zanu, palibe amene adzakuwerengereni.

Chaka chatha ine ndi mng'ono wanga tinadzala mitengo isanu kuseri kwa nyumba. Tsiku lililonse timazithirira dzuwa lisanatuluke. Sabata yatha mphepo yamkuntho inagwa mtengo umodzi, ndipo nthambi zake ziwiri zinathyola. Mng'ono wanga anati, "Ndipatsa chingwe ndiumange." Ine ndinamuyankha kuti, "Usaukoka mwamphamvu, mizu ingaduke." Chingwecho chinamangedwa pachikhomo cholimba. Tikadadziwa kuti kubwera mphepo yotere, tidzauchirikiza kale. Tsopano mtengowo ukuphukanso. Ukadzakula, tidzakhala pamthunzi wake.

Mayankho (musawerenge musanamalize ndime zonse ziwiri)

Ndime yoyamba, malikisi 16

1. ndidzadzuka: ndinadzuka. Mawu oti dzulo akufuna nthawi yakale.

2. sanalire: sinalire. Dzina loti wotchi lili m'gulu la I-Zi, ndipo mawu oti yanga akukuuzani kale zimenezi.

3. titsegula: titsegule. Mawu oti kuti akamatsogolera lamulo, pempho kapena cholinga, mneni amathera ndi -e. Yerekezani ndi chiganizo chachiwiri, ndinapeza kuti anzanga alowa. Pamenepo kuti akungofotokoza zomwe zachitika, ndiye alowa ndi wolondola. Amene mwalemba alowe mwataya malikisi 1.

4. sichinaoneke: silinaoneke. Wolembayo adakopeka ndi chikwama chifukwa chili pafupi, koma chomwe chinasowa ndi buku.

5. anandiwerengira: anandiwerengera. Lembo la liwu lomaliza m'muzu likakhala e kapena o, timaphatikiza -er-: kuwerengera, kulembera, kutolera. Likakhala a, i kapena u, timaphatikiza -ir-: kumangira, kuphikira, kugulira.

6. adamutola: adalitola. Apa ndi pomwe ambiri mumadumpha, chifukwa dzina loti buku lili m'chiganizo china. Mneni amakumbukira dzina ngakhale chiganizo chake chitatha. Mukasiya -mu-, owerenga amva ngati mwanayo adatola munthu.

7. zinanyowa: ananyowa. Masamba ali m'gulu la Li-Ma, monga mawu oti awiri akusonyezera.

8. ndinalemba: ndidzalemba. Chizindikiro ndi mawa. Amene mwalemba ndilemba ndikupatsani malikisi, chifukwa anthu amanenadi kuti mawa ndilemba.

Pali chinthu china chomwe ndikufuna muchimvetse. Mawu oti adati si olakwika, ngakhale ndime yonse ikugwiritsa ntchito -na-. Olankhula Chichewa amagwiritsa ntchito -na- ndi -da- pokamba zakale, ndipo mabuku ambiri amakonda -da- pa zinthu zomwe zidachitika kalekale. Polemba ndime yanu ndi bwino kusankha imodzi n'kuitsatira kuti nkhani iyende bwino, koma pa ntchito ino musazitenge ngati cholakwika. Yemwe walemba analitola pa nambala 6 wakhozanso.

Ndime yachiwiri, zolakwika 7, malikisi 14

1. timazithirira: timaithirira. Mitengo ili m'gulu la Mu-Mi, choncho timati mitengo isanu, timaithirira.

2. inagwa: inagwetsa.

3. zinathyola: zinathyoka.

Ziwirizi ziphunzireni pamodzi. Pa nambala 2 mphepo sinagwe, koma inachititsa kuti mtengo ugwe, ndiye pakufunika msintho wochititsa. Pa nambala 3 nthambi sizinathyole kanthu, ndi zomwe zinaonongeka. Munthu amathyola nthambi, nthambi imathyoka. Munthu amang'amba pepala, pepala limang'ambika. Mukakayika, funsani kuti: zinathyola chiyani? Funsolo likasowa yankho, dziwani kuti mneniyo akufuna msintho wochitika. Wolemba zinathyoledwa sanaphonye malamulo, ndipo malikisi alandira, komabe khutu limayembekezera kumva wothyolayo. Pa nkhani ya mphepo, zinathyoka ndiye mawu omwe mwini chiyankhulo anganene.

4. Ndipatsa: Ndipatse. Polamula timati patsa kapena manga, koma tikangoika ndi-, mu- kapena u- kumayambiriro, -a amasanduka -e: ndipatse, mupatse, umange.

5. Usaukoka: Usaukoke. Poletsa munthu mmodzi timayamba ndi usa- n'kumaliza ndi -e.

6. chinamangedwa: chinamangidwa. Lamulo lake ndi lomwe lija la nambala 5 m'ndime yoyamba: kumangidwa, kuphikidwa, koma kulembedwa, kutoledwa.

7. tidzauchirikiza: tikadauchirikiza. Chiganizochi chikunena zomwe sizinachitike, ndipo mwayi wake udapita. Mbali zonse ziwiri zimatenga -kada- kapena -kana-. Musachisokoneze ndi chiganizo chomaliza, Ukadzakula, tidzakhala pamthunzi wake, chomwe chikunena zam'tsogolo ndipo chili bwino momwe chililimu.

Mukawonkhetsa malikisi anu pa 30, lembani pambali pa cholakwika chilichonse chomwe munachiphonya mawu omwe akanakuthandizani kuchiona, monga dzulo, yanga kapena isanu. Lachinayi likudzali aliyense abwere ndi ndime yakeyake ya ziganizo 10 yofotokoza zomwe anachita sabata ino. Tidzasinthana mapepala awiriawiri, ndipo wokonza adzatsata malamulo omwewa, kuphatikizapo lochotsa malikisi.